Okhoza 18 mwa 24 ndi okhoza 42 mwa 60: wachita bwino ndani?

*Ine ndi mphunzitsi mnzanga timaphunzitsa phunziro limodzi m'makalasi awiri, ndipo ana athu analemba mayeso ofanana. Kwa ine analemba 24, anakhoza 18. Kwa iwo analemba 60, anakhoza 42. Iwo akuti andiposa chifukwa akhozetsa ana ambiri. Ine ndikuti kwa ine olephera ndi 6 okha pomwe kwa iwo ndi 18. M'kaundula ndili ndi ana 27, iwo ali ndi 62. Tingayerekeze bwanji popanda kukondera?*

Aphunzitsi, mkangano wanuwo sungathe momwe mukuutengeramo, chifukwa nonse awiri mukunena zoona, koma aliyense wasankha nambala yomwe ikumukomera. Kalasi yaikulu imatulutsa okhoza ambiri, imatulutsanso olephera ambiri, kungoti muli anthu ambiri basi. Taganizani izi. Ngakhale ana anu onse akanakhoza, osatsala ndi mmodzi yemwe, mukanakhala ndi okhoza 24. Anzanuwo, ngakhale theka la kalasi yawo likanalephera, akanakhalabe ndi okhoza 30, n'kumati akuposani. Muyeso woti simungapambane nawo ngakhale mutachita zonse bwino si muyeso ayi. Chimodzimodzinso kuwerenga olephera: kumakomera wa kalasi yaing'ono nthawi zonse.

Peresenti imathetsa vuto limeneli. Imafunsa kuti, makalasi onsewa akanakhala ndi ana 100, akanakhoza angati uku, angati uko? Mumatenga okhoza, n'kugawa ndi onse amene analemba, kenako n'kuchulukitsa ndi 100.

```
18 ÷ 24 × 100 = 75
42 ÷ 60 × 100 = 70
```

Popanda kakyuleta zimathekanso. Ana 18 mwa 24 ndi chimodzimodzi ana 3 mwa 4 alionse, pakuti 6 imalowa katatu mu 18 ndipo imalowa kanayi mu 24. Ana 42 mwa 60 ndi ana 7 mwa 10 alionse. Zitatu mwa zinayi ndi 75 peresenti, ndipo 7 mwa 10 ndi 70 peresenti. Mukamawerengera, samalani kuti nambala ya okhoza ndiyo igawidwe. Mukatembenuza n'kugawa 24 ndi 18 mupeza 133, ndipo yankho lililonse loposa 100 likukuuzani lokha kuti mwasokoneza. Njira ina yodzichonga ndi kuwerengeranso olephera: 6 mwa 24 ndi 25 peresenti, 18 mwa 60 ndi 30 peresenti. Okhoza ndi olephera mukawaphatikiza azikwana 100 ndendende.

Choncho mwa ana amene analemba, kalasi yanu ili patsogolo ndi mapointi 5. Ndanena mapointi mwadala. Kuchoka pa 70 kufika pa 75 ndi mapointi 5 a peresenti. Mukanena kuti mwawaposa ndi 5 peresenti, wina akhoza kumva kuti mukunena 5 peresenti ya 70, yomwe ndi 3.5. N'kanthu kakang'ono, koma mu lipoti kamabweretsa chisokonezo.

Mpaka apa mwapambana. Koma musathamangire kukawauza anzanuwo, chifukwa mwachita bwino kundipatsa nambala za m'kaundula, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Mwa ana anu 27, atatu sanalembe. Mwa ana 62 a anzanuwo, awiri sanalembe. Tikagawa okhoza ndi ana onse a m'kaundula, zinthu zikutembenuka:

```
18 ÷ 27 × 100 = 66.7
42 ÷ 62 × 100 = 67.7
```

Tsopano anzanuwo ndiwo ali patsogolo, ndi pointi imodzi. Palibe mwana amene wasintha malikisi ake. Tangosintha nambala yogawira. Ndiye yoona ndi iti? Zonse ziwiri, koma zikuyankha mafunso osiyana. Kugawa ndi olemba kukuyankha funso loti, mwa amene anakhala pansi n'kulemba, anakwanitsa angati? Kugawa ndi a m'kaundula kukuyankha loti, mwa ana onse amene anaikidwa m'manja mwa mphunzitsiyu, angati afika pokhoza? Chosaloledwa ndi kusakaniza, uku kugawa ndi olemba, uko kugawa ndi a m'kaundula. Anzanuwo akatenga 70 wawo n'kumuyerekeza ndi 66.7 wanu, akuberani. Inunso mukatenga 75 n'kuyerekeza ndi 67.7, mwawabera.

Kuti musankhe yogwiritsa ntchito, fufuzani chimene anawo sanalembere. Mwana amene anasamukira kusukulu ina teremu isanafike pakati, dzina lake n'kungotsala m'kaundula, achotsedwe ndithu, ndipo lamulo lomwelo ligwire ntchito m'makalasi onse awiri. Mwana amene anadwala tsiku la mayeso sitikudziwa kuti akanakhoza kapena ayi. Koma mwana amene anajomba chifukwa ankadziwa kuti zimukanika ndi nkhani ina. Kujomba kwake kukukweza peresenti ya kalasi pomwe kuphunzira sikunakwere. Ndinaonapo pasukulu ina kalasi imene peresenti yake inkakwera teremu ndi teremu, aliyense n'kumayamikira, mpaka tinayang'ana kaundula n'kupeza kuti ana ofooka ndiwo ankasowa nthawi ya mayeso. Sindikunena kuti kwa inu zili choncho. Ndikungonena kuti peresenti ya olemba okha ili ndi khomo limeneli, ndipo aliyense wowerenga zotsatira ali ndi ufulu wofunsa kuti amene sanalembe ndi ndani.

Ine ndikakumana ndi zotere ndimawerengera malire awiri. Ana anu atatuwo akanalemba n'kulephera onse, mukanapeza 66.7 peresenti. Akanakhoza onse, mukanapeza 21 mwa 27, yomwe ndi 77.8 peresenti. Anzanuwo ali pakati pa 67.7 ndi 71.0 peresenti, yomwe ndi 44 mwa 62. Onani kuti malire awo onse awiri ali mkati mwa malire anu. Kutanthauza kuti ana atatu osalembawo paokha akanatha kukuikani pamwamba kapena pansi.

Izi zikutifikitsa pa chinthu chimene peresenti imabisa, ndipo kwa ine ndiye chachikulu pa zonse. Peresenti imafananitsa makalasi pongoyerekeza kuti onse ali ndi ana 100, koma zoona zake n'zakuti inu mulibe ana 100. Muli ndi 24. Gawani 100 ndi 24, mupeza kuti mwana mmodzi wa kalasi yanu amanyamula mapointi pafupifupi 4.2. Gawani 100 ndi 60, mupeza kuti mwana mmodzi wa anzanuwo amanyamula mapointi pafupifupi 1.7. Mwana wanu mmodzi akanaphonya, mukanakhala ndi 17 mwa 24, yomwe ndi 70.8 peresenti, pafupifupi kufanana ndi anzanuwo. Akanaphonya awiri, 16 mwa 24 ndi 66.7 peresenti, ndipo mukanakhala pansi. Mapointi 5 aja, omwe amamveka ngati mpata waukulu, ndi mwana mmodzi ndi kachidutswa.

Mukhoza kuziona mwa njira inanso. Kalasi yanu ikanakhoza pa mlingo wa anzanuwo, 70 peresenti ya 24 ndi 16.8, tinene ana 17. Inu mwakhozetsa 18. Mwapitirira ndi mwana mmodzi. Kalasi yawo ikanakhoza pa mlingo wanu, 75 peresenti ya 60 ndi ana 45, ndiye aperewera ndi ana atatu. Ndimakonda kubweza peresenti kuti ikhalenso ana chonchi, chifukwa munthu akamva kuti nkhani yonse ndi ya mwana mmodzi, mtima umakhala pansi.

Ndipo mwana mmodzi kukhoza kapena kulephera kumatengera zinthu zing'onozing'ono zedi. Ngati malikisi okhozera ndi 50, mwana wopeza 50 amawerengedwa wokhoza, wopeza 49 wolephera, ngakhale awiriwa akudziwa zofanana. Funso limodzi limene sanalimvetse, mutu umene unamupweteka m'mawa, wochonga amene anapereka malikisi awiri pomwe wina akanapereka atatu. Tengani mapepala a malikisi a makalasi onse awiri, muwerenge ana amene ali pakati pa 45 ndi 55. Mukapeza kuti kwa inu muli ana 5 pamenepo, dziwani kuti mapointi opitirira 20 a peresenti yanu ali pa mzere, akhoza kugwera uku kapena uko pa mayeso otsatira.

Akatswiri a ziwerengero ali ndi njira yoyezera kugwedezeka kumeneku. Ngati p ndi gawo la okhoza, monga 0.75, ndipo n ndi chiwerengero cha olemba, amawerengera motere:

```
√(p × (1 − p) ÷ n)
```

Kwa inu yankho ndi pafupifupi 0.09, kutanthauza mapointi 9. Kwa anzanuwo ndi pafupifupi 0.06, mapointi 6. Tanthauzo lake ndi loti, mphunzitsi yemweyo, wophunzitsa chimodzimodzi, atapatsidwa gulu lina la ana 24 a luso lofanana ndi awa, n'zachizolowezi kuti peresenti yake ikwere kapena kutsika ndi mapointi 9 popanda chifukwa chilichonse chokhudza kaphunzitsidwe. Kusiyana kwa makalasi awiriwa kumagwedezeka ndi mapointi pafupifupi 11, ndipo kawirikawiri sitikhulupirira kuti kusiyana ndi kwenikweni mpaka kutafika kawiri pa nambala imeneyo. Mapointi 5 ali kutali ndi pamenepo. Simukusowa kuwerengera zimenezi teremu iliyonse. Ndazibweretsa kuti muone kuti sindikungochepetsa chipambano chanu ndi pakamwa.

Kakang'ono kena kochokera pomwepa: kalasi ya ana 24 singapeze peresenti iliyonse. Imalumpha kuchoka pa 70.8 kufika pa 75, kuchoka pa 75 kufika pa 79.2. Mukadzaona lipoti lonena kuti ana 24 analemba ndipo 73 peresenti anakhoza, pali cholakwika penapake, mwina pa kuwerengera, mwina pa chiwerengero cha olemba. N'chifukwa chake peresenti isamayende yokha. Lembani 18 mwa 24 pambali pa 75 peresenti, kuti wowerenga adzionere yekha kukula kwa gulu.

Tsopano tifike pa mawu anu oti popanda kukondera. Ndikukhulupirira kuti mayeso ofanana amene mwanenawo anali ofananadi: mafunso omwewo, nthawi yofanana, malikisi okhozera amodzi. Ngati aliyense anachonga ana ake, sinthanani mapepala angapo, makamaka a ana amene ali pafupi ndi mzere, muone ngati mukupereka malikisi ofanana. Koma ngakhale zonsezi zitakhala bwino, patsala funso limene masamu a pamwambawa sakulikhudza n'komwe: kodi ana amene munapatsidwa anayambira pamalo amodzi?

Ndilibe malikisi a ana anu a m'mbuyomu, ndiye ndipeka chitsanzo chogwirizana ndi nambala zanu, kuti muone zimene zingachitike. Tigawe kalasi iliyonse pawiri: ana amene anakhoza mayeso a teremu yapita, ndi amene analephera. Tiyerekeze kuti mwa ana anu 24, ana 18 anabwera atakhoza kale ndipo 6 anabwera atalephera. Mwa ana 60 a anzanuwo, 30 anabwera atakhoza, 30 atalephera. Pa mayeso ano, tinene kuti mwa ana anu 18 amphamvu aja akhoza 16, ndipo mwa 6 ofooka aja akhoza 2. Onse pamodzi 18, monga mwanenera. Kwa anzanuwo, mwa 30 amphamvu akhoza 28, mwa 30 ofooka akhoza 14. Onse pamodzi 42.

Tiyambe ndi ana amphamvu. Inu 16 mwa 18 ndi 88.9 peresenti. Iwo 28 mwa 30 ndi 93.3 peresenti. Akuposani. Tipite kwa ofooka. Inu 2 mwa 6 ndi 33.3 peresenti. Iwo 14 mwa 30 ndi 46.7 peresenti. Akuposaninso. M'magulu onse awiri iwo ali patsogolo, komabe tikaphatikiza, inu muli ndi 75 ndipo iwo ali ndi 70.

Munthu akaona zimenezi koyamba amaganiza kuti pena palakwika, n'kubwereza kuwerengera. Palibe cholakwika. Kalasi yanu m'chitsanzochi yadzaza ndi ana amene amakhoza mosavuta, atatu mwa anayi alionse, ndiye peresenti yake yonse ikukokedwa kupita chakumwamba, kuyandikira 88.9. Kalasi ya anzanuwo theka lake ndi ana ovutika, ndiye peresenti yawo ikukokedwera pakati pa 93.3 ndi 46.7. Chimene chakupambanitsani ndi kasakanizidwe ka ana, osati zimene zachitika m'kalasi. Chodabwitsa chimenechi chimadziwika ndi dzina la Edward Simpson, amene anachifotokoza mu 1951, ngakhale Udny Yule anali atachiona kale mu 1903.

Kuti muyerekeze mwachilungamo pamenepa, mumaika makalasi onse pa kasakanizidwe kamodzi. Tengani mlingo wa anzanuwo muuike pa ana anu. Pa ana 18 amphamvu, 93.3 peresenti ndi ana 16.8. Pa ana 6 ofooka, 46.7 peresenti ndi ana 2.8. Pamodzi 19.6 mwa 24, yomwe ndi 81.7 peresenti, kuposa 75 wanu. Kapena chitani mosemphana: kalasi yanu ikanakhala theka amphamvu theka ofooka ngati yawo, mukanapeza pakati pa 88.9 ndi 33.3, pomwe ndi 61.1 peresenti, pansi pa 70 wawo.

Musaiwale kuti nambala zimenezi ndapeka. Mukatsegula malikisi enieni a teremu yapita mukhoza kupeza zosemphana, kuti inu ndi amene munalandira ana ovutika ambiri, ndipo zikatero 75 wanuyo ndi wolemera kuposa mmene akuonekera. Chenjezo lina ndi loti pogawa kalasi yaing'ono m'magulu, maguluwo amachepa kwambiri. Pa gulu la ana 6, mwana mmodzi amanyamula mapointi pafupifupi 17. Mwana mmodzi yekha wowonjezera akanakhoza, 3 mwa 6 ndi 50 peresenti, ndipo mukanawaposa anzanuwo pa gulu limenelo. Ndiye magulu awiri akukwana. Musagawe anayi kapena asanu, mungatsale ndi timagulu ta ana awiriawiri tomwe peresenti yake ilibe tanthauzo. Ndipo mugwirizane za kagawidwe musanayang'ane zotsatira, apo ayi aliyense adzafunafuna kagawidwe komukomera mpaka adzakapeza.

Pali chimodzi chimene peresenti singakuwerengereni, ndipo ndikuganiza kuti n'chimene anzanuwo akufuna kunena ngakhale akuchinena ndi nambala yolakwika. Kuphunzitsa ana 62 si kuphunzitsa ana 27. Pa phunziro la mphindi 40, mutagawa nthawi yonse mofanana, mwana wanu aliyense apeza pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, pomwe wa iwo sakwanitsa ngakhale mphindi imodzi. Makope ochonga kwa iwo ndi opitirira kawiri anu. Peresenti imachotsa kukula kwa kalasi m'masamu, koma siichotsa kukulako m'chipinda chophunzirira. Funso loti ndi kalasi iti yakhoza bwino limayankhidwa ndi peresenti. Funso loti ndi mphunzitsi uti wagwira bwino ntchito limafuna zambiri, ndipo mayeso amodzi sangaliyankhe. Mukafuna kuyandikira yankho lake, sonkhanitsani zotsatira za magulu osiyanasiyana a ana kwa zaka zitatu kapena zinayi, muphatikize okhoza onse ndi olemba onse a mphunzitsi aliyense, kenako muwerengere peresenti kamodzi. Olemba akafika 100 kapena kuposa, mwana mmodzi sagwedezanso zotsatira monga akuchitira pano.

Mukandifunsa chigamulo changa pa zimene mwandipatsa, ndinena kuti mwa olemba muli patsogolo, 75 kwa 70. Mwa a m'kaundula muli m'mbuyo pang'ono, 66.7 kwa 67.7; ndipo mipata yonse iwiriyi ndi yaing'ono kwambiri moti makalasi awiriwa ndingawatche ofanana, mpaka malikisi a teremu yapita atanena zina.

Aphunzitsi aakulu akadzafuna peresenti ya phunziro lonse, makalasi awiri pamodzi, pali msampha umene ambiri amagwamo. Amatenga 75 ndi 70, n'kuphatikiza, n'kugawa pawiri, n'kulemba 72.5 peresenti. Ameneyo si yankho, chifukwa akupatsa kalasi ya ana 24 kulemera kofanana ndi kalasi ya ana 60. Bwererani ku ana enieniwo. Okhoza ndi 18 kuphatikiza 42, onse 60. Olemba ndi 24 kuphatikiza 60, onse 84. Mukagawa 60 ndi 84 n'kuchulukitsa ndi 100, mupeza 71.4 peresenti. Yankho layandikira 70 kusiyana ndi 75 chifukwa ana ambiri ali m'kalasi yaikuluyo, ndipo umo ndi momwe mungadziwire kuti mwawerengera bwino: peresenti yophatikiza izipendekera kukalasi yaikulu. Avereji ya maperesenti awiri imakhala yolondola ngati makalasiwo ali ndi olemba ofanana, zomwe si zanu. Akafuna yowerengera onse a m'kaundula, ndi okhoza 60 mwa ana 89, yomwe ndi 67.4 peresenti, ndipo pa mzere umenewo mulembepo kuti ana 5 sanalembe.